Womba m'manja kamodzi: momwe mawu ndi milomo zimakumanirana m'kanema

Aliyense amene anaonerapo vidiyo ya ukwati akulidziwa vutoli. Abusa atsegula pakamwa, atseka, ndiye mawu n'kumabwera pambuyo. Kapena mkwatibwi sanayambe n'komwe kuyankhula, koma "ndikulonjeza" wamveka kale. Zithunzi zikhoza kukhala zowala bwino, mawu omveka bwino, koma zikangosemphana pang'ono, maso amakakamira pamilomo ndipo zomwe zikunenedwazo sizilowanso m'mutu. Chodabwitsa n'chakuti vutoli limagwera kwambiri ojambula amene achita khama, omwe sanakhutire ndi mawu a kamera ndipo anatenga chojambulira mawu chapadera.

Chifukwa chojambulira mawu padera n'chosavuta kumva. Kamera imaima pamene ikuona bwino, ndipo kawirikawiri pamenepo m'patali. Maikolofoni imafuna kukhala pafupi ndi pakamwa. Kamera ikakhala kumbuyo kwa tchalitchi, kamaikolofoni kake kamatola chifuwa cha munthu wa pambali, mwana wolira, mabenchi ndi mawu obwerera kuchokera kuzipupa, mawu a abusa n'kumamveka chapansipansi. N'chifukwa chake wojambula wodziwa ntchito amakoleka kamaikolofoni pajekete la woyankhula, n'kuika rekoda kapena foni m'thumba mwake, apo ayi amalumikiza rekoda ku mikisa ya zokuzira mawu. Madzulo amabwerera kunyumba ndi mafayilo awiri omwe sakudziwana, lina la zithunzi, lina la mawu. Makina awiriwo anayatsidwa nthawi zosiyana, ndipo palibe chimene chalembedwa m'fayilo lina chonena kuti sekondi iyi ikugwirizana ndi sekondi iti ya linzake.

Vutoli ndi lakale ngati mafilimu a mawu enieniwo. Filimu ya The Jazz Singer ya mu 1927 inali ndi mawu ake pa mbale za galamafoni, zithunzi zili pa filimu. Makamera ambiri a filimu sankajambula mawu, ndipo mpaka lero makampani akuluakulu a mafilimu amajambula mawu pa makina ena. M'menemo ndi momwe munachokera kabolodi kamene timakaona asanayambe kujambula, kokhala ndi kamtengo pamwamba kamene amakatsitsa kuti kalire "kha!". Mbiri ya mafilimu imatchula Frank Thring, yemwe anali ndi situdiyo ku Melbourne m'dziko la Australia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kuti ndiye anayambitsa timitengo towombato. Ambiri amakayesa kamwambo chabe ka anthu a mafilimu, koma kali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutchula dzina la chomwe chikujambulidwa: zolembedwa pabolodi zimauza diso, ndipo wogwira bolodiyo amatchulanso mokweza kuti khutu nalo lidziwe. Yachiwiri ndi kupanga chinthu chimodzi chomwe chimaoneka ndi kumveka pa kamphindi kamodzimodzi.

Pa ntchito yachiwiriyi manja anu ndi okwanira.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi momwe makina awiriwa amadulira nthawi. Kanema ndi zithunzi zoima zotsatizana mofulumira, ndipo chithunzi chimodzi mwa izo amachitcha felemu. Wailesi zakanema za kuno kwathu zimayendera mafelemu 25 pa sekondi, pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30. Tikatenga 25, felemu imodzi imakhala mamilisekondi 40, poti sekondi ili ndi mamilisekondi 1,000. Rekoda imadula nthawi mosalala kwambiri kuposa apo: imayeza mphamvu ya mawu ka 48,000 pa sekondi, kutanthauza kuti m'felemu imodzi yokha muli miyeso ya mawu 1,920. Pulogalamu yokonzera kanema imajambula miyesoyi pa sikirini ngati mzere wokwera ndi kutsika, womwe tiutche mafunde a mawu. Munthu akamayankhula, mafundewo amakwera pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono, moti n'kovuta kuloza ndi chala kuti liwu layambira apa. Kuwomba m'manja n'kosiyana. Mzere umakhala uli phee, kenaka mwadzidzidzi n'kutumphuka nsonga yowongoka. Chiyambi cha nsongayo sichisoweka. Ku zithunzi nakonso, pali felemu imodzi yoyamba imene zikhatho zakhudzana. Mukakoka fayilo la mawu mpaka chiyambi cha nsonga chikhale pansi pa felemu imeneyo, zonse zotsatira zimalowa m'malo mwake.

Kawombedwe kake kali ndi malamulo ochepa, koma amene amawaphwanya amadzalira pa kompyuta. Yatsani rekoda, yatsani kamera, ndipo muone ndi maso anu kuti zonse zikuwerenga nthawi musanawombe. Wowombayo aime pamene pakhale woyankhula, pafupi ndi maikolofoni, osati pafupi ndi kamera. Manja aonekere chammbali, kuti kamera ione mpata wa pakati pa zikhatho ukutsekeka, chifukwa dzanja lina likaphimba linzake simudziwa kuti akhudzana liti. Ndipo awombe kamodzi, mwamphamvu, zikhatho zili zotambasuka. Apa chizolowezi chathu chimatipusitsa pang'ono. Mukapempha munthu wamkulu kuti awombe m'manja, mwaulemu wake amafumbata zikhatho n'kuwomba katatu kapena kanayi monga polonjera. Mawu ake amatuluka ofewa, ndipo nsonga zinayi zofanana zimakusiyani mukudzifunsa kuti iyi ndi yachiwiri kapena yachitatu. Bwino muwombe nokha kapena mnzanu wa ntchito. Musanawombe tchulani mokweza chomwe mukujambula, monga "malumbiro, kachiwiri". Tsiku limene mudzakhale ndi mafayilo a mawu 30 okhala ndi mayina a manambala okhaokha, mawu awiri amenewo adzakupulumutsani.

Pofufuza felemu yoyenera, yendani felemu imodziimodzi ndi mabatani a mivi. Muona manja akuyandikana ali mbuu chifukwa cha liwiro, kenaka felemu imene akhudzana ndipo aoneka bwinobwino. Imeneyo ndiyo yanu. Kuwombako kunachitika penapake pakati pa felemu imeneyo ndi ya m'mbuyo mwake, choncho simungalondole kuposa pamenepo. Palibe woonera amene angazindikire kusiyana kochepa chotero.

Njira yachiwiri ndi yosiyira kompyuta. Kamera nayo inajambula mawu, oipa inde, koma omatirira ku zithunzi zake. Pulogalamu imatenga mawu abwino a rekoda n'kuwayendetsa pang'onopang'ono pambali pa mawu oipa a kamera. Pa malo aliwonse imayesa ngati pomwe mzere wina wakwera winanso wakwera, ndi pomwe wina watsika winanso watsika, n'kuwerengetsa kufanana konseko kukhala nambala imodzi. Pamalo olakwika kukwera ndi kutsika kumangosemphana ndipo nambalayo imakhala yaing'ono. Pamalo oyenera imakwera kwambiri, ndipo pulogalamu imaika fayilo pomwepo. Siimva Chichewa kapena chiyankhulo chilichonse, imangoyerekeza maonekedwe a mizere iwiri. Mu Premiere Pro mumasankha mafayilo onse awiri n'kudina "Synchronize" kenaka "Audio". Mu DaVinci Resolve muli "Auto Sync Audio", mu Final Cut Pro muli "Synchronize Clips", ndipo mu Kdenlive, yomwe ndi yaulere, mumayamba ndi "Set Audio Reference" kenaka "Align Audio to Reference". Ntchito yomwe ikanatenga madzulo onse imatha madzi a tiyi asanawire. Phunziro loyamba pamenepa n'lakuti musazimitse maikolofoni ya kamera poganiza kuti mawu ake alibe ntchito. Popanda mawu oipawo kompyuta ilibe poyambira.

Ndiye ngati kompyuta ikutha zonsezi, kuwomba m'manja n'kwachiyaninso? Ojambula achinyamata ambiri anasiya, ndipo ndikuona kuti anafulumira. Kompyuta imagwirizanitsa mawu ndi mawu anzake. Kuwomba m'manja kumagwirizanitsa mawu ndi chithunzi. Ziwirizi si chinthu chimodzi, chifukwa mawu amayenda pang'onopang'ono.

Amene anakulira kumudzi anaonapo munthu akudula mtengo kutsidya kwa dambo: nkhwangwa imatera, n'kuyamba kukweranso, ndiye kugunda kwake n'kumafika. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Pa mamilisekondi 40 a felemu imodzi, mawu amayenda mamita osakwana 14. Choncho kamera yomwe ili patali mamita 14 imaona milomo ikutseguka, koma maikolofoni yake imamva liwulo patapita felemu yathunthu. Kompyuta ikagwirizanitsa mawu a rekoda ndi mawu ochedwawo, imawachedwetsa nawonso, ndipo imakuuzani kuti zatheka.

Tiyerekeze ntchito yeniyeni kuti tione manambala ake. Mwaitanidwa kukajambula ukwati m'tchalitchi chachikulu. Kamera mwaiika kumbuyo, mamita 17 kuchokera kuguwa, ikujambula mafelemu 25 pa sekondi ndipo mwaikokera pafupi kuti nkhope za akwati zidzaze sikirini. Rekoda ili m'thumba la abusa. Anthu asanalowe, mnzanu waima paguwa, watchula dzina la ntchito, wawomba kamodzi. Mwambo watenga mphindi 50, makina onse osaima. Akwati atatuluka, musanazimitse kanthu, mnzanu wabwerera kwa abusa n'kuwombanso kamodzi kamera ikuona.

Kunyumba mwauza kompyuta kuti igwirizanitse, ndipo nsonga ya rekoda yakhala ndendende pansi pa nsonga ya mawu a kamera. Tsopano pitani pa felemu imene zikhatho zakhudzana. Mupeza kuti nsonga zonse ziwiri zili kutsogolo kwake ndi felemu imodzi ndi kachidutswa. Mamita 17 mukawagawa ndi 343 mupeza mamilisekondi pafupifupi 50. Kumeneko ndiko kuchedwa kwa mtunda, ndipo mankhwala ake ndi kukokera mawu a rekoda m'mbuyo mpaka nsonga ifike pa felemu ya zikhatho. Tisakokomeze: mamilisekondi 50 paokha anthu ambiri sangawaone. Bungwe la dziko lonse loona za mauthenga la ITU, m'malangizo ake otchedwa BT.1359, limati oonera amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, kapena akachedwa ndi pafupifupi 125. Manambala awiriwa ndi osiyana chifukwa chibadwire tinazolowera kuona kaye kenaka n'kumva, koma sitinamvepo liwu pakamwa pasanatseguke. Choncho ngati mwakakamizika kusankha pakati pa mafelemu awiri, sankhani yoti mawu achedwe pang'ono, osati atsogole.

Vuto n'lakuti mamilisekondi 50 aja sabwera okha. Pitani kumapeto, pa kuwomba kwachiwiri. Ngakhale poyamba mwagwirizanitsa bwinobwino ndi zikhatho, mupeza kuti pano nsonga yachedwa ndi mafelemu atatu, omwe ndi mamilisekondi 120. Palibe amene anagwedeza kanthu. Makina aliwonse ali ndi wotchi yake mkati, kamwala kakang'ono konjenjemera ka mtundu womwe uli m'mawotchi a batire, ndipo palibe timiyala tiwiri timene timayenda mofanana ndendende. Rekoda yanu imati ikuyeza ka 48,000 pa sekondi, koma poyerekeza ndi wotchi ya kamera ikuyeza pafupifupi ka 48,002. Miyeso iwiri yowonjezera pa sekondi si kanthu m'kanema wa mphindi zitatu. Pa masekondi 3,000 a mwambo uja yaunjikana mpaka mafelemu atatu. Mukanadalira kompyuta yokha osaona zikhatho, pofika pa mdalitso womaliza mawu akanachedwa ndi 50 kuphatikiza 120, omwe ndi mamilisekondi 170. Pamenepo ngakhale agogo a mkwati aona kuti china chake chalakwika. Wotchi ya rekoda ikanakhala yochedwa m'malo mofulumira, mawu akanamatsogola, ndipo akanadutsa malire a 45 aja mphindi 20 zisanakwane.

Kukonza kwake kuli pawiri. Njira ya manja ndi iyi: mafelemu atatu pa mphindi 50 ndiye kuti felemu imodzi pa mphindi 16 kapena 17 zilizonse. Pezani pamene palibe akuyankhula chapafupi ndi mphindi zimenezo, dulani fayilo la mawu, chotsani felemu imodzi, sendezani zotsalazo m'mbuyo. Kudula katatu, ntchito yatha, ndipo palibe khutu limene lingamve. Njira ina ndi kufulumizitsa fayilo lonse pang'ono kwambiri. Pakati pa kuwomba kuwiri kuja, zithunzi zatenga masekondi 3,000 pomwe mawu atenga 3,000.12. Mukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba mupeza 1.00004. Mapulogalamu ena salola nambala yaing'ono chotere m'bokosi la liwiro, koma pulogalamu yaulere ya ffmpeg imalola:

```
ffmpeg -i mawu.wav -af atempo=1.00004 mawu_okonza.wav
```

Fayilo latsopanolo muligwirizanitsenso pa kuwomba koyamba, ndipo mukaona lachiwiri nalo lagwera pa zikhatho, ndiye kuti zonse za pakati zili bwino. Mawu akanakhala otsogola, nambalayo ikanakhala yochepera 1, monga 0.99996. Onani kuti nambalayi mwaipeza chifukwa cha kuwomba kwa kumapeto kuja. Anthu a mafilimu nawo amawomba kumapeto pamene sanathe kuwomba poyamba, ndipo amazondotsa bolodi kuti wokonza kanema adziwe kuti uku n'kumathero.

Ukwati weniweni suyenda mwaudongo chotere. Makamera ambiri ojambulira zithunzi omwe amajambulanso vidiyo, makamaka akale, amaima okha mphindi 30 zisanakwane. Batire limatha, khadi limadzaza, kapena mumazimitsa kuti musunthe. Nthawi iliyonse kamera ikaima n'kuyambanso, kugwirizana kuja kwatha, ndipo simungathamangire kuguwa kukawomba m'manja pakati pa malumbiro. Apa ndi pomwe kompyuta imaposa munthu. Rekoda isaime mwambo wonse, zidutswa za kamera zikhale zisanu kapena khumi, kompyuta idzaika chilichonse pamalo pake pa mzere wautali wa mawuwo. Ubwino wina ndi wakuti chidutswa chilichonse chimayambira pabwino, moti kutayana kwa mawotchi kulibe nthawi younjikana. Chotsala ndi kuchedwa kwa mtunda kuja, ndipo mukudziwa kale kukula kwake kuchokera pa kuwomba kwa m'mawa. Malinga ngati kamera sinasunthe, sendezani zidutswa zonse mofanana. Ikasuntha, mtunda wasintha ndipo nambala yasinthanso. Musaiwalenso kuti m'tchalitchi chokhala ndi zokuzira mawu, kamera siimva pakamwa pa abusa koma sipika yomwe ili pafupi nayo. Sipika ikakhala mamita asanu kuchokera pa kamera, kuchedwako ndi mamilisekondi 15 okha. N'chifukwa chake kuyeza ndi zikhatho, zokuzira mawu zili zoyatsa, kumaposa kuwerengera mapazi.

Pali nthawi zina pomwe kompyuta imakanika, ndipo zifukwa zake zimachokera pa momwe imagwirira ntchito. Imafuna kuti mafayilo awiriwo akhale ndi chinthu chofanana. Mphepo ikawomba pa maikolofoni ya kamera, mzere wonse umadzaza ndi mkokomo umene rekoda ya m'jekete sinaumve. Mukatenga mawu ku mikisa, mumalandira zokhazo zimene zinadutsa m'mamaikolofoni, pomwe kamera yadzaza ndi nthungululu ndi kuimba kwa mpingo. Zikatero pulogalamu imanena kuti yalephera, ndipo kumeneko n'kulephera kwabwino chifukwa mwadziwa. Kulephera koipa ndi pamene yapeza malo olakwika n'kukhala chete.

Zimenezi zimachitika kwambiri pa mavidiyo a nyimbo. Kwaya yajambula nyimbo ku situdiyo, ndipo tsiku la vidiyo ikuimba motsatira nyimboyo ikulira pa sipika. Poyamba zimaoneka ngati ntchito yophweka, poti kamera yamva nyimbo yomweyo. Koma ng'oma za pa kiyibodi zimabwereza chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kolasi kawirikawiri imakhala yojambulidwa kamodzi n'kumatidwa katatu. Mukajambula kachidutswa ka kolasi yachitatu yokha, kompyuta ikhoza kukaika pa yoyamba, kapena kutsetsereka ndi kugunda kumodzi kwa ng'oma. Mankhwala ake ndi kupatsa kompyuta chinthu chomwe sichibwerezedwa: jambulani kuyambira pa vesi yapambuyo pake, osati pakati pa kolasi, ndipo kumayambiriro kwa nyimbo yoliza pa sipikayo ikani kuwerenga kapena kulira kwakuthwa kumene kulinso pa fayilo lomwe mukagwiritse ntchito pokonza. Malo a sipika nawo ndi nkhani. Ambiri amaiika pafupi ndi kamera chifukwa m'pomwe pali woyatsa. Oimba akakhala mamita 14 kutali, amamva nyimbo mochedwa ndi felemu imodzi ndipo milomo yawo imachedwa chimodzimodzi, pomwe kamera yamva nthawi yomweyo. Zotsatira zake ndi mawu otsogola milomo, mbali ija imene diso silikhululuka. Sipika ibisike pafupi ndi oimba.

Nanga ngati munaiwala kuwomba, kompyuta nayo yakana? Fufuzani m'zithunzi chinthu china chomwe chinaoneka ndi kumveka nthawi imodzi: ndodo ikumenya ng'oma, abusa akugogoda maikolofoni, buku likutsekedwa. Zikasowa, milomo yomweyo ikuthandizani. Potchula p, b ndi m milomo imatsekeka kotheratu, ndipo potchula p ndi b imatseguka mwadzidzidzi. Pezani pomwe woyankhula akunena mawu ngati "bambo" kapena "pamodzi", muime pa felemu yomaliza imene milomo ili yotseka, ndipo liwu lotsatira liyambe milomo ikangotseguka. Yesani pa mawu atatu kapena anayi, chifukwa limodzi likhoza kukunamizani.

Kanema akasemphana, musathamangire kusendeza. Onani kaye malo atatu, poyamba, pakati ndi pomaliza, chifukwa kasemphanidwe kake kamaulula gwero. Ngati kusiyana kuli kofanana ponseponse, ndi mtunda kapena kuika molakwika, ndipo kusendeza kamodzi kukwanira. Ngati kukukula mwadongosolo, felemu imodzi pakati, ziwiri kumapeto, ndi mawotchi aja. Ngati kukudumphadumpha, pano zili bwino, apo mawu atsogola, uko achedwa, kayikirani foni. Mafoni ambiri sasunga liwiro limodzi la mafelemu, amatha kulitsitsa kukada kapena akatentha, ndipo mapulogalamu ena okonzera kanema amasokonezeka nazo. Vidiyo yotere idutseni kaye mu HandBrake mutasankha "Constant Framerate", kenaka muyambe kugwirizanitsa. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kutayana kulikonse kumabwera chifukwa rekoda inatcheredwa pa 44,100 m'malo mwa 48,000. N'zoona kuti pa ntchito ya kanema muyenera kutchera 48,000. Koma mapulogalamu a masiku ano amasintha okha popanda vuto, ndipo zikalakwikadi simungakayike: mawu amatayana ndi masekondi pafupifupi asanu pa mphindi imodzi yokha, ndipo abusa amamveka ndi liwu losakhala lawo. Mafelemu atatu pa mphindi 50 si vuto limenelo.

Zinthu ziwiri zomaliza zimapusitsa ngakhale odziwa. Mukamaliza kugwirizanitsa, tsekani mawu a kamera. Mukawasiya akulira pamodzi ndi a rekoda, kusiyana kwa mamilisekondi ochepa kumachititsa liwu kumveka lobwereza kapena lopanda thupi. Ngati mukufuna nthungululu ndi kuimba kwa mpingo, atsegulireni pamalo pomwepo pokha. Chachiwiri, musaweruze ntchito yanu ndi mahedifoni opanda waya. Amachedwetsa mawu ndi mafelemu angapo, ndipo mukakonza motsatira zomwe mukumvazo, mutsogoza mawu omwe anali bwinobwino, kasitomala n'kudzaona vutolo pa wailesi yakanema ya kunyumba kwake. Gwiritsani ntchito a waya, ndipo pomwe khutu ndi diso zikukanganirana, khulupirirani nsonga ndi felemu zomwe zili pa sikirini.

Makampani akuluakulu ali ndi timabokosi tomwe timapatsa kamera ndi rekoda nthawi imodzi, moti mafayilo amadziwana okha. N'tabwino, koma timadya ndalama, ndipo ngakhale kumene tiliko kabolodi kaja sanakataye, chifukwa batire likatha kapena wina akatchera molakwika, chotsala ndi kamtengo kowomba. Inu amene muli ndi kamera imodzi ndi foni m'thumba la abusa, yesani zida zanu sabata ino ntchito isanabwere. Yatsani zonse ziwiri, wombani, zisiyeni ziyende ola lathunthu, wombaninso. Werengani mafelemu omwe zatayana n'kulemba nambalayo pa kapepala m'chikwama cha kamera. Pa zida zomwezo nambalayo sisintha kwambiri, ndipo idzakuuzani kuti mungajambule mphindi zingati musanafunike kukonza.